Dzanja likadali pa mtambo, mawu afika kale pa mvula

*Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Zomba. Ndinayesa kupanga kavidiyo ka dzanja lojambula pa bolodi loyera, kofotokoza mmene madzi amazungulirira m'chilengedwe. Kanatalika mphindi 9, ndipo dzanja likamajambulabe mtambo, mawu anga amakhala atafika kale pa mvula. Ana anasangalala nako, koma m'mawa mwake panalibe amene anatha kufotokoza. Ndili ndi foni ndi kalaputopu kakale basi. Ndiyambire pati?*

Aphunzitsi, yambirani ku mawu, cholembera chibwere pomalizira. Vidiyo ya dzanja mukhoza kuifulumizitsa katatu kapena kanayi, mwana osaona cholakwika chilichonse. Mawu a munthu salola zimenezo: mukangowathamangitsa pang'ono amamveka ngati a munthu amene akuthawa, mukawakoka amagoneka ana. Choncho chinthu chosapindika ndicho chiyambe kukhazikika, chopindikacho chitsatire. Mulemba mawu, muwatepa, muyeza masekondi ake, ndipo pamenepo ndi pamene chithunzi chilichonse chidzadziwe nthawi imene chapatsidwa.

Koma musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, dulani phunzirolo. Mphindi 9 zikundiuza kuti munaika maphunziro atatu mu vidiyo imodzi. Mu 2014, Philip Guo ndi anzake anaunika mmene anthu ankaonera mavidiyo a pa edX, webusaiti ya maphunziro a pa intaneti, napeza kuti vidiyo ikapitirira mphindi 6 ambiri samaimaliza. Amenewo anali anthu akuluakulu amene anadzisankhira okha kuphunzira. Kwa ana a pulayimale ine ndimaika malire pa mphindi 3, ndipo mphindi zitatuzo ziyankhe funso limodzi lokha.

Funso labwino muli nalo pakhomo pomwepo. Mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe imathira mu nyanja ya Chilwa, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi umene umatulukamo. Nanga madziwo amapita kuti? Nyanjayi ndi yosazama, ndipo inaphwapo, monga mu 1995. Mwana amene wamva funso limeneli ali ndi chifukwa chodikira muvi woloza kumwamba. Vidiyo yoyamba ithere pamene mtambo wapangika. Mvula, kulowa kwa madzi m'nthaka ndi akasupe zikhale za vidiyo yachiwiri.

Tsopano tengani pepala, mujambule chithunzi chomalizira, chimene mwana adzachione pa sekondi yotsiriza. Ambiri amadumpha pamenepa, n'kuona malo awathera vidiyo ili pakati. Ikani nyanja pansi kumanja, phiri la Zomba kumanzere, mtsinje wotsetsereka pakati, dzuwa pamwamba kumanja, ndipo pakati pa nyanja ndi thambo musiye malo aakulu opanda kanthu, pakuti m'menemo ndi mmene phunziro lenileni lichitikire. Werengani zinthu zimene zili pa pepalalo. Zikapitirira 12, yambani kuchotsa. Bwato, msodzi, matemba ndi mbalame zimakometsa, koma dzanja likamajambula msodzi, mwana amaganiza za msodzi. Richard Mayer wa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara wakhala akufufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amaphunzirira ndi zithunzi pamodzi ndi mawu, ndipo chimodzi mwa zimene anatsimikiza n'chakuti zokometsera zosakhudza phunziro zimachepetsa kumvetsa. Mu vidiyo ya dzanja vutoli limakula, chifukwa diso limatsata nsonga ya cholembera kulikonse kumene yapita. Ana anu aja anasangalala ndi dzanja, ndipo dzanjalo linawatengera kumene mawu kunalibe.

Mukatsala ndi zinthu zofunika zokha, zipatseni manambala motsata mmene chimodzi chimachititsira chinzake, osati mmene dzanja lazolowerera. Wojambula amakonda kuyamba ndi thambo n'kumatsika. Phunziro lathu likufuna nyanja poyamba, kenako mitsinje yolowa, chizindikiro cha funso kumbali kumene kulibe mtsinje wotuluka, dzuwa, mivi yokwera, timadontho, ndipo mtambo pomalizira.

Lembani sikiripiti pa pepala logawidwa pawiri: kumanzere zimene mudzanene, kumanja zimene dzanja lidzachite. Lamulo lake ndi lakuti chiganizo, kapena gawo la chiganizo, chikhale ndi chojambula chimodzi, ndipo m'menemo mudule mzere pansi pa liwu limene chojambulacho chikuimira. Liwu limenelo ndilo malo okumanirana. Mwachitsanzo, kumanzere mwalemba kuti "Dzuwa likatenthetsa madzi a m'nyanja, ena amasanduka nthunzi." Kumanja mulemba kuti dzuwa liyambe pa liwu loti "dzuwa", ndipo mivi itatu yokwera iyambe pa liwu loti "ena". Mukapeza chiganizo chimene kumanja kwake kulibe choti n'kulemba, dzifunseni ngati chikufunikadi. Kawirikawiri ziganizo zoterezi zimakhala moni wautali kapena kubwereza mutu. Zina n'zofunika ndithu, monga funso lopita kwa ana, ndipo pamenepo mulembe kumanja kuti dzanja lichoke, chithunzi chiime.

Pali malo awiri m'phunziro limeneli pamene chithunzi chikhoza kuphunzitsa bodza, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Oyamba ndi nthunzi. Mwana akamva liwuli amaona utsi woyera wotuluka pa mphika wowira, ndipo mukajambula timizere topotana ngati utsi pamwamba pa nyanja, mwamutsimikizira zinthu ziwiri zolakwika: kuti madzi ayenera kuwira kuti auluke, ndi kuti nthunzi imaoneka. Zoona zake n'zakuti madzi amauluka pa kutentha kulikonse, monga zovala zimaumira pa chingwe popanda kuwira, ndipo nthunzi yeniyeni ndi mpweya wosaoneka. Choyera cha pa mphika chija ndi timadontho tamadzi timene tapangika kale. Choncho mivi yokwerayo ijambulidwe ndi mizere yodukizadukiza, ndipo mawu anene mosabisa kuti "Nthunzi imeneyi sitingaione, mivi ikungotisonyeza njira yake." Mukafika pa mtambo, musayambe ndi mkombero wake. Yambani ndi timadontho tating'ono tambiri pamwamba pa mivi, pamene mawu akunena kuti mpweya ukakwera umazizira ndipo nthunzi imasanduka timadontho pa tifumbi ta mumlengalenga. Pambuyo pake zungulizani timadonthoto ndi mzere wa mtambo. Mwana waona ndi maso ake kuti mtambo ndi timadontho tosonkhana, chinthu chimene chithunzi cha m'buku sichingamuonetse, chifukwa chimabwera chitatha kale. Apa ndi pamene njira ya dzanja lojambula imaposa tchati chopachika pakhoma.

Achiwiri ndi mkombero wotsekeka. Mukajambula muvi wochoka ku Chilwa, kukwera, kugwa pa phiri la Zomba n'kubwerera ku Chilwa, mwana aganiza kuti mvula ya pa Zomba imachokera ku nyanja yokhayo. Chinyezi chambiri chimene chimatigwetsera mvula chimabwera ndi mphepo kuchokera kutali, ku nyanja ya mchere ya India ndi ku dera la Congo. Muvi umodzi wa mphepo wolowa kuchokera m'mphepete mwa pepala, ndi wina wotuluka, ukwanira kukonza zimenezi m'masekondi asanu.

Zolemba za pa chithunzi zikhale zochepa. Mayer yemweyo anapezanso kuti kulemba pa sikirini chiganizo chomwecho chimene mawu akunena, pamene chithunzi chikuyendanso, kumagawa maso a wophunzira. Lembani mayina okha. Popeza ana anu adzalemba mayeso m'Chingerezi, dzina la pa chithunzi likhale limene adzalipeze pa pepala la mayeso: `evaporation` pafupi penipeni ndi mivi yokwera, `condensation` pafupi ndi timadontho. Lembani dzinalo mutatha kufotokoza chinthucho, osati musanafotokoze, ndipo pamene dzanja likulemba, inu mungotchula liwulo kamodzi n'kukhala chete.

Tibwere ku kuyeza nthawi. Malangizo ambiri opangira mavidiyo amati munthu amalankhula mawu 130 mpaka 150 pa mphindi. Chiwerengero chimenecho n'cha Chingerezi, ndipo mukachigwiritsa ntchito pa Chichewa mudzapyola nthawi, chifukwa liwu limodzi lathu monga "likatenthetsa" lanyamula zimene kumeneko zingakhale mawu atatu. Werengani maphatikizo m'malo mwake. Tengani ndime imodzi, muiwerenge mokweza monga mmene mumalankhulira kutsogolo kwa kalasi, wotchi ya pa foni ikuyenda, kenako mugawe maphatikizo ndi masekondi. Tiyerekeze kuti mwapeza 4 pa sekondi, limene ndi liwiro lodekha. Mu masekondi 180 a vidiyo, patulani 40 okhala chete. Otsala 140 kuchulukitsa ndi 4 akupatsa maphatikizo 560. Chiganizo chathu cha dzuwa chija chili ndi 22, kotero vidiyo yonse ili ndi malo a ziganizo pafupifupi 25 zotalika choncho. Sikiripiti yanu ikakhala ndi ziganizo 40, musaganize zolankhula mofulumira. Chotsani 15.

Potepa mawu, sankhani chipinda chokhala ndi makatani, matiresi kapena zovala zopachika, chifukwa kalasi yopanda anthu imabweza mawu. Mvula ikamagwa pa malata, dikirani tsiku lina. Foni ikhale kutali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, cham'mbali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usamawombe maikolofoni. Imirirani, ndipo chithunzi chomalizira chija chikhale patsogolo panu, muziloza ndi chala pamene mukulankhula. Chala chimakuchedwetsani pa malo oyenera. Mukaphonya, ombani m'manja kamodzi n'kubwereza chiganizocho, kuombako kudzaoneka ngati mzere wautali pa sikirini ndipo simudzavutika kupeza podula.

Tsegulani mawuwo mu Audacity, pulogalamu yaulere imene imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Dulani zolakwika, kenako mvetserani kuyambira poyamba, ndipo nthawi iliyonse liwu lodulidwa mzere lija likamveka, dinani `Ctrl+M` kuti paikidwe chizindikiro. Mukamaliza mudzakhala ndi mndandanda wa masekondi: nyanja pa 4, mitsinje pa 15, dzuwa pa 52, ndi zina zotero. Koperani manambalawo pa sikiripiti yanu. Kuyambira pano mawu asasinthenso.

Kutenga vidiyo ya dzanja sikufuna zambiri. Ndingakulangizeni pepala loyera lalikulu m'malo mwa bolodi lenileni, chifukwa bolodi limanyezimira ndipo foni imaona kuwala koyera pamene pali mzere wanu. Yalani pepala pansi kapena pa tebulo lalifupi, mulimate ndi tepi, pingasani thabwa pa mipando iwiri, foni igone pa thabwalo chopingasa, kamera ikuyang'ana pansi. Ngati mumalembera dzanja lamanja, kuwala kuchokere kumanzere kuti mthunzi wa dzanja usaphimbe chimene mukujambula. Gwirani chala pa sikirini ya kamera mpaka itseke kuwala ndi fokasi. Mukapanda kutero, nthawi iliyonse dzanja likalowa pepala lidzada, likatuluka lidzawala, ndipo vidiyo ikafulumizitsidwa kuphethira kumeneku kumatopetsa maso. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini pansi pa getsi, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a mahetsi 50 pamene mafoni ambiri amatenga zithunzi 30 pa sekondi. Sankhani 25 ngati foni ikulola, apo ayi gwiritsani ntchito kuwala kwa pawindo. Lembani chithunzi chonse mopepuka ndi pensulo yolimba, kuti pojambula ndi maka yakuda muzingotsata popanda kukayika. Chinthu chilichonse chikatha, chotsani dzanja kwathunthu, muwerenge mpaka katatu, ndiye mubwerere. Mipata imeneyi ndiyo malo odulira.

Tsopano kulumikiza. Tibwerere ku chiganizo chathu. Gawo loyamba, "Dzuwa likatenthetsa madzi a m'nyanja", lili ndi maphatikizo 13, ndiye kuti masekondi atatu ndi pang'ono. Gawo lachiwiri, "ena amasanduka nthunzi", lili ndi 9, masekondi awiri ndi pang'ono. Tinene kuti dzuwa linakutengerani masekondi 12 kujambula, ndipo mivi itatu inatenga 6. Gawani nthawi yojambula ndi nthawi yolankhula. Dzuwa: 12 kugawa ndi 3, lifulumire kanayi. Mivi: 6 kugawa ndi 2, ikanafulumira katatu, koma ine ndingaifulumizitse kawiri kokha kuti itenge masekondi 3, muvi wachitatu uthere mawu atasiya kale. Dzuwa mwana aliyense amalidziwa, likhoza kuthamanga. Mivi ndiyo mfundo yatsopano, iyende pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amaika liwiro limodzi pa vidiyo yonse, ndipo chinthu chovuta kujambula chimadya nthawi yambiri kuposa chinthu chovuta kumvetsa.

Mu pulogalamu yolumikizira mavidiyo, monga CapCut pa foni kapena Shotcut pa laputopu, ikani mawu poyamba, dulani vidiyo pa mipata ija, ndipo chidutswa chilichonse muchipatse liwiro lake pa `Speed`. Amene anazolowera kulemba malamulo pa kompyuta angachite chimodzimodzi ndi pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i dzuwa.mp4 -vf "setpts=PTS/4" -an dzuwa4.mp4
```

Kufulumizitsa kuli ndi malire ake. Kukapitirira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, dzanja limangooneka ngati likunjenjemera ndipo diso silingatsatenso mzere. Masamu anu akakupatsani 8 kapena 10, chithunzicho chachuluka mizere. Chipepukitseni, kapena chikhale chojambulidwa kale vidiyo isanayambe. Phiri la Zomba ndi chitsanzo chabwino: likhoza kukhalapo kuyambira sekondi yoyamba, popeza si limene mukuphunzitsa. Komanso lolani cholembera chiyambe theka la sekondi liwu lisanamveke. Mwana akaona mzere ukuyamba n'kumva dzina lake nthawi yomweyo, amazilumikiza. Akamva dzina pepala lili lopanda kanthu, amayamba kufunafuna ndi maso ndipo chiganizo chotsatira chimamudutsa.

Masekondi 40 a chete aja musawamwaze mofanana. Pakati pa ziganizo wamba theka la sekondi likwana. Mfundo yatsopano ikatha, monga mivi ija, siyani masekondi awiri dzanja litachoka. Pambuyo pa funso loti "Nanga madziwo amapita kuti?" siyani anayi kapena asanu, ndipo m'kalasi muimitse vidiyo pamenepo, ana apereke maganizo awo. Pomaliza chithunzi chonse chiime masekondi 6 kapena 8 popanda mawu. Powonjezera chete mu Audacity gwiritsani ntchito `Generate` kenako `Silence`, koma chitani zimenezi musanaike zizindikiro zija. Nyimbo ya pansi ine ndimaisiya. Pa sipika ya foni m'kalasi ya ana ambiri imangophimba mawu anu.

Mwina mwamvapo za mapulogalamu monga VideoScribe, imene kampani ya Sparkol ya ku Bristol inatulutsa mu 2012, pamene kajambulidwe aka kanali katatchuka ndi mavidiyo a bungwe la RSA la ku Britain otchedwa RSA Animate. M'menemo dzanja ndi chithunzi chabe chimene chimatsata mizere ya fayilo ya zojambula ya mtundu wa SVG, ndipo chinthu chilichonse mumachipatsa masekondi pa `Animate`, `Pause` ndi `Transition`. Masamu ake ndi omwewa. Koma ndi yolipira, ndipo zithunzi zake zokonzeratu zimajambulidwa motsata mmene wozipanga anaikira mizere, kotero mtambo wake udzayamba ndi mkombero, osati timadontho. Kwa phunziro ngati lanuli dzanja lanu lenileni likuposa. Mu 2016 Logan Fiorella ndi Mayer anayesa zimenezi ndi phunziro la mmene kamvekedwe ka phokoso kamasinthira chinthu cholira chikamayandikira kapena kutalikira. Ophunzira amene ankadziwa zochepa pa mutuwo anamvetsa bwino ataona mphunzitsi akujambula kusiyana ndi kuona chithunzi chotha kale, ndipo pamene mizere inkangotuluka yokha popanda dzanja looneka, phindulo silinaoneke.

Musanaionetse kalasi yonse, iyeseni kawiri muli nokha. Choyamba tsekani mawu muonere chithunzi chokha. Ngati simungathe kunena nkhaniyo potsata mizere, dongosolo la zojambula lasokonekera. Kenako tembenuzani foni mumvetsere mawu okha. Pamene mwamva kuti mukuthamanga, pakufunika chete. Mukamva "apa" ndi "ichi" kambirimbiri, tchulani mayina a zinthuzo, chifukwa mwana wa kumbuyo saona bwino pamene mukuloza. Ikaninso foni patali ngati mikono itatu muone ngati zolemba zikuwerengeka.

Pambuyo pake itanani ana atatu, wanzeru kwambiri asakhalepo, aonere kamodzi, muwapatse mapepala ajambule zimene aona n'kufotokoza. Zojambula zawo zidzakuuzani pamene pali vuto. Mwana akajambula zinthu zonse koma osaika mivi, ndiye kuti miviyo inathamanga kapena inalibe chete pambuyo pake. Akajambula utsi pamwamba pa nyanja, chiganizo cha nthunzi yosaoneka chinamveka pamene dzanja linali lotanganidwa kwina, chisunthireni pamene chithunzi chaima. Akakumbukira chiyambi bwinobwino koma mtambo n'kuusokoneza, vidiyo ikadali yaitali kwa iwo, ndipo muidule pa mivi yokwera, mtambo upite ku vidiyo yachiwiri pamodzi ndi mvula.